Chilembo Chimodzi, Misinkhu Inayi

Pa tsiku la makolo ndinapatsidwa ntchito yokonza pepala la nyimbo za Misa. Pa kompyuta ndinasankha zilembo za Minion Pro Display chifukwa pa mutu zinkaoneka zokongola zedi. Nyimbo zinali zambiri, choncho ndinachepetsa zilembo zomwezo mpaka mapointi 8. Titapanga fotokope yoyesera, kamzere ka pakati pa "e" kanazimiririka, ndipo "Ambuye" ankawerengeka ngati "Ambuyc". Bambo wotiyang'anira pa kwaya anandifunsa kuti, "Mwana wanga, kodi agogo ako awerenga zimenezi?"

Nditafufuza ndinapeza pamene ndinalakwa. Kukula kwa zilembo kumayezedwa ndi mapointi, ndipo mapointi 72 amakwana inchi imodzi. Kalelo, pamene mabuku ankasindikizidwa ndi zilembo za mtovu, mmisiri ankasema msinkhu uliwonse pawokha. Iye ankadziwa kuti chilembo chaching'ono sichiyenera kukhala chachikulu chongochepetsedwa. Nzeru imeneyi ndi imene Robert Slimbach wa kampani ya Adobe anatsata pojambula Minion Pro. Banja limeneli lili ndi misinkhu inayi: Caption ya zilembo zazing'ono kwambiri, Regular ya nkhani wamba, Subhead ya timitu, ndi Display ya mitu kuyambira mapointi 20.

Nanga kusiyana kwake kuli pati? Zilembo za Display zili ndi mizere yopyapyala ngati tsitsi ndipo zimakhala mothithikana. Zikakhala zazikulu, diso limakondwera nazo. Koma mukachepetsa chilembo cha mapointi 32 kufika pa 8, mzere uliwonse umatsala gawo limodzi mwa magawo anayi a kunenepa kwake. Mzere umene unali wopyapyala kale makina amalephera kuugwira. Izi ndizo zinachitikira "e" wanga.

Zilembo za Caption anazijambula poganizira vuto lomweli. Mizere yake ndi yonenepa, zilembo ndi zotambalala, mpata pakati pake ndi waukulu, ndipo zilembo zazifupi monga a, e ndi o ndi zazitaliko poyerekeza ndi k kapena l. Motero timabowo ta m'kati sititsekeka ndi inki.

Mungathe kudziyesera nokha. Lembani liwu limodzi kawiri, mu Caption ndi mu Display, onse pa mapointi 30. Mudzaona kuti Caption akuoneka wolemera ndi wotayana, pamene Display ndi wosalala. Kenaka tsitsani onse pa mapointi 8 ndi kusindikiza. Tsopano wopambana ndi Caption. Muweruze papepala, osati pa galasi la kompyuta, pakuti pamenepo timakonda kukuza tsamba n'kudzinyenga.

Dziwaninso kuti mabanja ambiri a zilembo ali ndi msinkhu umodzi wokha. Zikatero musachepetse kwambiri. Ndi bwino kuwonjezera tsamba.

Ine ndinasiya Display pa mutu, nyimbo ndinaika mu Caption, ndipo fotokope yachiwiri inatuluka bwino. Pa Misa ndinaona agogo anga akutsata mzere ndi chala, uku akuimba.