Kalata ya kuchipatala ikamawoloka malire

Tiyerekeze kuti bambo wina wa ku Ntcheu, amene amagwira ntchito yokonza makina pakampani ina mumzinda wa Tete ku Mozambique, wabwera kumudzi kudzaona banja. Usiku wina m'mimba mwamupota, athamangira naye kuchipatala, ndipo madokotala amuchita opaleshoni yochotsa apendikisi. Wagonekedwa pa 4 Malichi, wamchita opaleshoni pa 5, watuluka pa 9. Dokotala wamuuza kuti asanyamule zolemera kwa masabata 6. Abwana ake ku Tete sakukana kuti munthu amadwala, koma akufuna umboni wolembedwa m'Chipwitikizi, chifukwa zipatala za m'Malawi zimalemba m'Chingerezi.

Ambiri akafika apa amayamba kuthamangira zidindo, poganiza kuti pepala likachuluka inki ndiye kuti lalemera. Koma chidindo chilichonse chimachitira umboni chinthu chimodzi chokha, ndipo palibe ngakhale chimodzi chimene chimakonza kalata yolembedwa molakwika. Ntchito yaikulu ili pa tebulo la dokotala, womasulira asanagwire cholembera.

Funsani kaye amene akufuna kalatayo

Safunsa adadya phula. Bamboyu asanalipire aliyense, alembere ofesi yoona za antchito ku Tete, awauze kuti wadwala, atumize chithunzi cha kalata imene ali nayo, ndipo afunse mafunso atatu. Kodi mukufuna kalatayi m'chiyankhulo chanji? Kodi mumavomereza womasulira wotani? Kodi pakufunika chidindo cha boma kapena cha kazembe? Yankho alilandire molembedwa, osati pa lamya pokha, kuti mawa wina asadzasinthe mawu.

Mafunsowa amapulumutsa ndalama chifukwa malamulo ake ngosiyana. Ku South Africa, womasulira wovomerezeka ndi amene analumbira kukhothi lalikulu. Ku Germany nako omasulira amalumbiritsidwa ndi makhothi. Ku Britain kulibe omasulira olumbira otere. Kumeneko chimene amafuna kawirikawiri ndi mawu a womasulira otsimikiza kuti wamasulira molondola, tsiku, dzina lake lonse, siginecha, ndi njira yomupezera. Ndiye pepala limene lalandiridwa ku London likhoza kubwezedwa ku Berlin. Olemba ntchito ena amakhutira ndi kumasulira kokha, pamene masukulu a ukachenjede ndi maofesi oona zolowa ndi kutuluka m'dziko amakonda kufuna zidindo za boma.

Kalata ikonzedwe isanamasuliridwe

Chimene bamboyu wanyamula potuluka m'chipatala ndi buku lake la kuchipatala, lolembedwa ndi manja mothamanga. Limeneli si loyenera kutumiza kunja. Choyamba, zolembamo amazimva ndi achipatala okhaokha. Chachiwiri, bukuli lili ndi mbiri yake yonse, ngakhale zotsatira za kuyezetsa magazi zimene abwana alibe nazo gawo, ndipo likapita kokamasulira lidutsa m'manja mwa womasulira, loya ndi makalaliki angapo. Chachitatu, omasulira amalipiritsa potengera masamba kapena kuchuluka kwa mawu.

Apemphe kalata yatsamba limodzi, yotayipidwa pa pepala lokhala ndi dzina la chipatala, keyala ndi nambala ya lamya. M'kalatamo mukhale dzina lake monga lilili mu pasipoti, tsiku lobadwa, masiku amene anagonekedwa ndi kutulutsidwa, ndi masiku amene sangathe kugwira ntchito. Pansi pakhale dzina lonse la amene wasaina, udindo wake, nambala imene analembetsera ku bungwe la Medical Council of Malawi, ndi chidindo cha chipatala. Dzina la matenda lilembedwe pokhapokha ngati olandira alifunsa ndipo mwini wake wavomera. Nthawi zambiri mawu oti wodwalayu anachitidwa opaleshoni ndipo sangathe kugwira ntchito kuyambira tsiku lakuti mpaka lakuti amakwanira.

Zinthu ziwiri zimagwetsa makalata ambiri. China ndi dzina. Kuchipatala munthu amalembetsa kuti Yohane pamene mu pasipoti muli John, kapena kalaliki amayika dzina la mfunda limene mu pasipoti mulibe. Kwa munthu wa ku Tete amene sakudziwa za mfunda wa ku Ntcheu, amenewo ndi anthu awiri.

Chinacho ndi kalembedwe kachidule ka madokotala athu. Iwo akalemba 5/7 amatanthauza masiku 5, akalemba 6/52 ndi masabata 6, ndipo 3/12 ndi miyezi 3. Womasulira amene sanazolowere zachipatala akaona 3/12 angalembe kuti pa 3 Disembala, ndipo 6/52 angaikopere mmene iliri, abwana n'kuyesa kuti ndi nambala ya bedi. Choncho bamboyu apemphe dokotala kuti alembe zonse poyera: kupuma kwa masabata 6, kuyambira pa 9 Malichi mpaka pa 19 Epulo, kubwerera kuntchito pa 20 Epulo, chaka chakuti. Mwezi ulembedwe ndi dzina lake, chifukwa 4/3 kwathu kuno ndi 4 Malichi pamene ku America ndi 3 Epulo.

Chifukwa chokonzera zonsezi pachiyambi n'chakuti womasulira saloledwa kukonza. Akapeza dzina lolakwika, amalisiya lolakwika. Akapeza mawu osawerengeka, amalemba kuti apa sipakuwerengeka. Amene angasinthe kalata ndi chipatala chimene chinailemba, ndipo ikasinthidwa zidindo zonse zimayambiranso.

Chidindo chilichonse ndi ntchito yake

Pali maumboni atatu amene anthu amawasokoneza, popeza onse timangowatcha kutsimikiza.

Woyamba ndi wa fotokope. Munthu amapita ndi kalata yeniyeni pamodzi ndi fotokope yake kwa loya kapena majisitireti, amene amadinda kuti ziwirizi n'zofanana. Chidindochi sichinena kuti dokotalayo alikodi kapena kuti munthuyo anadwaladi. Chimangonena kuti makina sanasinthe kanthu.

Wachiwiri ndi wa womasulira. Iye amalemba ndi kusaina kuti zimene zili m'Chipwitikizi ndi zomwe zili m'Chingerezi, kuchokera pamutu wa kalata mpaka pa mawu a m'chidindo. N'chifukwa chake mphwanu amene anakulira ku Angónia sangagwire ntchitoyi ngakhale Chipwitikizi chili pamlomo. Olandira amafuna munthu wapadera, amene alibe phindu pa nkhaniyo, woti angamupeze ndi kumufunsa.

Wachitatu ndi wa boma, ndipo umayankha funso limene munthu wakunja sangayankhe yekha: kodi siginecha ndi chidindo izi n'zenizeni? Mayiko ambiri anagwirizana njira yachidule pa pangano limene linasainidwa mumzinda wa Hague ku Netherlands pa 5 Okutobala 1961. Pansi pa panganoli, dziko limene kalata yachokera limayika chiphaso chimodzi chotchedwa apositilo, chokhala ndi mfundo 10 zoikidwa manambala, ndipo mayiko ena a m'panganoli amachilandira popanda kupita kwa kazembe. Malawi ali m'panganoli kuyambira m'chaka cha 1967. South Africa, Britain, Germany ndi Portugal alimo, ndipo China inalowa mu 2023. Apositilo imayikidwa pa zikalata za boma ndi pa zimene wasainira notale, loya wopatsidwa mphamvu yotsimikiza zikalata zopita kunja. Choncho kalata ya kuchipatala, makamaka chomwe si cha boma, imayamba yadutsa kwa notale. Si loya aliyense amene ali notale, ndiye funsani musanalipire.

Apa m'pamene bambo wathu uja angapunthwe. Mozambique sili m'panganoli, monganso Zambia ndi Zimbabwe. Akatenga apositilo n'kupita nayo ku Tete, ofesi imene ikufuna chidindo cha kazembe iibweza. Njira yake ndi yaitali: notale atsimikize kalata, unduna woona za ubale wa Malawi ndi mayiko ena ku Lilongwe utsimikize siginecha ya notaleyo, kenako ofesi ya kazembe wa Mozambique itsimikize chidindo cha undunawo. Aliyense amangochitira umboni amene wasaina iye asanasaine. Mukadumpha mmodzi, wotsatirayo alibe chotsimikiza, ndipo akubwezani pakhomo.

Kumasulira kubwere liti

Ngati olandira sananene zina, kumasulira kukhale komalizira, kuti zidindo za notale ndi za unduna nazo zimasuliridwe. Amene amayamba ndi kumasulira amalipira kawiri, chifukwa zidindo zobwera pambuyo zimakhala zili m'Chingerezi. Komabe maofesi ena a kazembe amafuna kuona kumasulirako asanadinde, ndipo mayiko ena amangovomereza womasulira wa m'dziko lawo. Zikatero bamboyu ndi bwino anyamule kalata yodindidwayo, akaimasulitse ku Tete komweko kwa womasulira wolumbira.

Akalandira pepala lomasuliridwa asangolipinda n'kuika m'thumba. Ngakhale Chipwitikizi chake chitakhala cha kuntchito basi, angathe kuyala mapepala awiriwo pa tebulo n'kuyerekeza dzina chilembo ndi chilembo, nambala ya pasipoti, nambala ya dokotala, ndi masiku onse: 4, 5 ndi 9 Malichi, 19 ndi 20 Epulo. Awerenge zidindo za pakalata yoyamba, aone ngati chilichonse chatchulidwa pa inayo. Akaona kuti 9.5 yasanduka 9,5 asadabwe, chifukwa Apwitikizi amagawa nambala ndi koma pamene ife timayika dontho. Koma akaona mwezi wa Disembala pamene dokotala sanautchule, adziwe kuti 3/12 uja waluma womasulira.

Mapepalawa amabwera atamangidwa pamodzi ndi sitepula kapena kansalu, nthawi zina chidindo chitagwira masamba awiri nthawi imodzi. Musawamasule pofuna kuchita fotokope, chifukwa mabowo atsopano amapatsa wolandira chifukwa chokayikira kuti tsamba lina lasinthidwa. Musawakutenso ndi pulasitiki womata, popeza papepala lotere sipadindikanso kanthu. Jambulani tsamba lililonse, sungani fotokope yodindidwa kunyumba, ndipo kalata yeniyeniyo muipereke pamanja kapena muitumize ndi kampani yonyamula makalata imene imapereka nambala yolondolera.

Ngakhale zonse zitayenda bwino, zidindo sizikakamiza abwana kapena sukulu kuvomereza kujombako. Zimangotsimikiza kuti kalatayo ndi yeniyeni ndipo yamasuliridwa molondola. Kampani ikhoza kutumiza wantchito kwa dokotala wake kuti akamuonenso, ndipo masukulu amakhala ndi masiku awo oti umboni wa matenda ukhale utafika. Choncho ngati wadwala ndi inu kapena mbale wanu, dziwitsani kuntchito kapena kusukulu tsiku lomwelo, tumizani chithunzi cha kalata uku zidindo zikutsatira, ndipo musachoke pakhomo la dokotala musanayerekeze kalatayo ndi pasipoti.