Chaka cha zigamba: bwana alembenji pa fomu?

Chaka chikamatha, mabwana ambiri m'makampani ndi m'mabungwe amakhala pansi kudzaza fomu younikira momwe wantchito aliyense wagwirira. Wakhama savuta kumulembera, waulesi naye savuta. Amene amazunguza mutu ndi uja amene miyezi ina anali wodalirika, miyezi ina n'kukhala ngati si yemwe uja.

Tiyerekeze kalaliki wosunga katundu pa kampani yogulitsa mbewu ndi feteleza. Mu Januwale anagwirizana ndi bwana wake zinthu ziwiri: lipoti la katundu lizifika pasanadutse pa 5 mwezi uliwonse, ndipo zolembedwa m'buku zizifanana ndi matumba amene ali m'nyumba yosungiramo. Mpaka Epulo zonse zinali myaa. Kuyambira Meyi kufika Ogasiti malipoti anayi anachedwa, ndipo powerenga katundu mu Julayi matumba 30 a feteleza sanaoneke. Anapezeka pambuyo pake kuti anapita ku nthambi ina, koma kalaliki sanalembe potulutsa. Kuyambira Seputembala anabwereranso mwakale, ndipo nthawi yogula zipangizo za ulimi, pamene ntchito imachuluka koposa, sipanasowe ngakhale thumba limodzi.

Bwana wodalira mutu wake yekha amakumbukira za dzulodzulo, ndiye amupatsa malikisi 5 pa 5 chifukwa cha Novembala. Wina mtima wake ukadali pa matumba 30 aja, amupatsa 2. Wachitatu, wosafuna kukangana ndi munthu, amangolemba 3 paliponse n'kuwonjezera kuti “amayesetsa.” Wachitatuyu amaoneka wachilungamo, komatu fomu yake ndiyo yopanda ntchito kuposa zonse, chifukwa palibe mwezi ndi umodzi womwe umene kalalikiyu anagwira ntchito ya 3. Anali wa 5 kapena wa 2.

Choncho musanagwire cholembera, tulutsani mapepala: zimene munagwirizana mu Januwale, masiku amene lipoti lililonse linafika, zotsatira za kuwerenga katundu, ndi makalata amene munalemberana. Kenako chakacho chiduleni malinga ndi momwe ntchito inayendera, gawo lililonse lilembedwe palokha. Mmalo molemba kuti “anafooka pakati pa chaka,” lembani kuti malipoti asanu ndi atatu mwa khumi ndi awiri anafika nthawi yake, anayi a Meyi mpaka Ogasiti anachedwa, ndipo matumba 30 anatuluka osalembedwa. Munthu angathe kukana kuti ndi waulesi, koma tsiku limene lipoti linafika sangalikane.

Povuta penipeni ndi pa chifukwa chake. Tinene kuti mu Meyi mnzake wa kalalikiyu anasiya ntchito, ndipo kampani inalemba wina mu Ogasiti. Pamenepo kuchedwa kwa malipoti si mlandu wake yekha, ndipo fomu iyenera kunena poyera kuti ankasenza ntchito ya anthu awiri. Koma kutulutsa katundu osalemba n'kwake ndithu. Kuchuluka kwa ntchito sikuchotsa lamulo lakuti thumba lisatuluke popanda kusaina. Ziwirizi zisiyanitseni, chilichonse chilandire malikisi ake. Ngati chifukwa chinali matenda kapena maliro kunyumba, n'zokwanira kulemba kuti panali vuto la kubanja limene ofesi inadziwitsidwa. Dzina la matenda lisalowe, paja fomu imadutsa m'manja ambiri.

Funso lina bwana adzifunse yekha: kodi mu Juni ndinamuuza kuti zinthu sizikuyenda? Ngati anakhala chete n'kudzazitulutsa mu Disembala, wantchito ali ndi chifukwa chodandaulira. Izi zimafika mpaka ku malamulo. Gawo 57 la lamulo la ntchito la chaka cha 2000 kuno ku Malawi limati munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka, ndiponso asanapatsidwe mwayi wodziteteza pa zimene akumunena. Nkhani ikadzafika ku khoti la za ntchito, mafomu amenewa angathe kukhala umboni. Kampani yomwe chaka ndi chaka inkalemba kuti “amayesetsa” idzavutika kufotokoza kuti munthuyo ntchito inkamukanika.

Nanga malikisi omaliza? Kwa kalaliki wathuyu ine ndingalembe 4 pa malipoti, 3 pa kusunga katundu, ndi chiganizo chonena kuti miyezi inayi yomaliza, yomwe ndi yolemetsa kwambiri, inayenda popanda cholakwa. Asanasaine, mukhale naye pansi awerenge yekha. Mungamuuze kuti, “Achimwene, onani masikuwa, ngati pali pamene ndalakwitsa mundiuze,” ndipo zimene akutsutsa azilembe pa malo ake a ndemanga. Pomaliza mugwirizane za chaka chamawa: kuwerenga katundu mwezi ndi mwezi mpaka Juni, ndi kukumananso mu Epulo kuti muone ngati buku ndi matumba zikufanana.