Bajeti inanena zina, ndalama zayenda mwina

Pa lipoti la zachuma la miyezi itatu pamakhala ndime yomwe ambiri amailemba mothamanga, ikatsala pang'ono nthawi yotumiza. Ndi ndime yofotokoza chifukwa chomwe ndalama zomwe zagwiritsidwa ntchito zasiyanira ndi zomwe zinali mu bajeti. Kawirikawiri mumangopezamo mawu amodzimodzi mzere uliwonse: "chifukwa cha kukwera mitengo kwa zinthu." Mawuwa si bodza, kuno kwathu mitengo siigona. Koma a bodi kapena opereka thandizo akawawerenga sadziwa chochita, poti sanauzidwe kuti chakwera n'chiyani, ndi ndalama zingati, ndiponso ngati vutolo lipitirire.

Lipotilo limabwera kanayi pa chaka. Ku boma la Malawi, komwe chaka cha ndalama chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, kotala yoyamba ndi Epulo mpaka Juni. Mabungwe ena amayambira mu Januwale. Mzere uliwonse, kaya ndi wa mafuta, malipiro kapena maphunziro, umaonetsa zomwe zinali mu bajeti, zomwe zalipidwadi, ndi kusiyana kwake m'makwacha komanso m'maperesenti. Peresentiyo imapezeka pogawa kusiyanako ndi ndalama za mu bajeti. Mabungwe ambiri othandiza amafuna kuti mzere womwe wasiyana ndi bajeti koposa 10 peresenti ufotokozedwe, ngakhale malire enieni amakhala mu mgwirizano womwe munasainirana.

Tiyerekeze kabungwe kophunzitsa alimi m'midzi, komwe kali ndi galimoto imodzi ya dizilo, ndipo tikulemba lipoti la Okutobala mpaka Disembala 2023. Ndasankha dala miyezi imeneyi. Mu Novembala chaka chimenecho banki yaikulu ya dziko lino inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo posakhalitsa bungwe la MERA linakweza mtengo wa dizilo kuchoka pa K1,920 kufika pa K2,734 pa lita.

Bajeti ya kabungweka inali ya malita 900 pa mtengo wakale, zomwe ndi K1,728,000. Pakutha pa Disembala mabuku akuonetsa K2,408,400. Apitirira ndi K680,400, pafupifupi 39 peresenti. Aliyense akhoza kuloza chala kwacha n'kutseka nkhani. Koma wowerengera ndalama wodziwa ntchito yake amatulutsa malisiti a kufilingi siteshoni, n'kuwaika pambali pa buku la maulendo a galimoto, n'kuyamba kuwerenga malita. Apeza kuti malita 400 anagulidwa mtengo usanakwere, pa K768,000, ndipo malita 600 anagulidwa pa mtengo watsopano, pa K1,640,400. Onse pamodzi ndi malita 1,000, osati 900.

Apa ndiye kuti m'thumba limodzi muli nkhani ziwiri. Lita iliyonse mwa 600 aja inakwera ndi K814, zomwe zikupereka K488,400. Zimenezi n'za mtengo, ndipo palibe wa muofesi yemwe akanaziletsa. Koma malita 100 oonjezera aja, ngakhale pa mtengo wakale, ndi K192,000, ndipo izi sizikukhudzana ndi kwacha. Galimoto inayenda kwambiri kuposa momwe anakonzera. Mwina mlatho unakokoloka ndipo ankazungulira njira yaitali, mwina anaonjezera midzi, mwinanso galimoto inkapita kumaliro ndi kuchigayo Loweruka. Buku la maulendo ndilo linganene. Wolemba akangoti "mitengo inakwera," K192,000 imeneyi yabisala kumbuyo kwa kwacha, ndipo palibe adzaifunse.

Ndime yolembedwa bwino ingamveke chonchi: mafuta apitirira bajeti ndi K680,400, mwa ndalamazi, K488,400 n'chifukwa cha kukwera kwa dizilo mu Novembala, ndipo K192,000 n'chifukwa cha malita 100 omwe tinagwiritsa ntchito poyendera magulu atatu atsopano omwe sanali pa ndondomeko, mtengo watsopanowu ukhalapobe, choncho malita 900 a kotala ikubwerayi adzafuna K2,460,600 m'malo mwa K1,728,000, ndipo tikupempha chilolezo chosamutsa ndalama kuchokera pa mzere wina. Mbali yomalizayi ndi yomwe ambiri amaiiwala. Wowerenga safuna mbiri yokha, akufuna kudziwa ngati mu Malichi adzaonanso zomwezi.

Tsono pali mzere wina womwe anthu amaudutsa akumwetulira, wa ndalama zotsala. Pa maphunziro a alimi bajeti inali K3,000,000, maphunziro asanu pa K600,000 aliwonse, koma mabuku akuonetsa K1,200,000 yokha. Patsala K1,800,000, yomwe ndi 60 peresenti. Wina wa mu bodi anganene kuti tasunga ndalama, tizitengere ku mafuta. Ine mzere wotere umandidetsa nkhawa kuposa wopitirira uja, chifukwa ndalama yotsala nthawi zambiri imatanthauza ntchito yosagwiridwa.

Mukafunsa mlangizi yemwe amayendetsa maphunzirowo, akuuzani kuti anachititsa atatu, osati awiri. Achitatuwo anachitika sabata ya Khirisimasi isanafike. Iye anatenga K600,000 kuofesi, anagawa ndalama zoyendera ndi za chakudya, alimi anasainira, koma mapepala osainidwawo ndi malisiti akadali m'chikwama chake. Mpaka atawabweza, m'mabuku ndalamayo imaoneka ngati ngongole ya mlangiziyo, siilowa pa mzere wa maphunziro. Maphunziro awiri otsalawo anaimitsidwa chifukwa mvula itagwa alimi anali kumunda kubzala, ndipo achitika mu Febuluwale. Choncho pa K1,800,000 ija palibe ngakhale tambala yomwe yasungidwa: K600,000 inadyedwa kale, K1,200,000 ili ndi mwini wake. Ndiponso popeza mitengo yakwera, maphunziro a mu Febuluwale sangakwanirenso pa K600,000. Mukanazitengera ku mafuta mukanakumba dzenje lina pokwirira loyamba.

Kutsala kwenikweni kumakhalapo ndithu. Ngati mpando wa dalaivala unakhala wopanda munthu miyezi iwiri, malipiro a miyezi imeneyo sadzalipidwanso kwa wina aliyense. Ndime yofotokoza inene poyera kuti kusiyanaku n'kwa mtundu uti: kongochedwa chabe, kapena kokhalitsa.

Musanalembe chifukwa chilichonse, onani kaye ngati kusiyanako kulipodi. Mzere umodzi ukapitirira ndi ndalama yofanana ndendende ndi yomwe yatsala pa mzere woyandikana nawo, kawirikawiri ndi vaucha yomwe inalowetsedwa polakwika, monga ndalama yokonzetsera galimoto kuikidwa pa mafuta. Apo sipafunika nkhani, pafunika kukonza mabuku. China chomwe chimapusitsa ndi bajeti ya chaka yomwe inangogawidwa panayi mofanana. Inshuwalansi ya galimoto imalipidwa kamodzi pa chaka. Mukaigawa panayi, kotala imodzi idzaoneka kuti mwapitirira ndi 300 peresenti, zina zitatuzo ngati simunalipire kanthu. N'chifukwa chake lipoti labwino limaonetsanso ndalama zonse kuyambira pomwe chaka chinayambira, osati za miyezi itatu yokha.

Zifukwazi sizipezeka pa kompyuta ya akauntanti. Iye amadziwa kuti ndi zingati, koma yemwe amadziwa za mlatho, za mvula ndi za malisiti a m'chikwama ndi mlangizi ndi dalaivala. Akapanda kukhala pamodzi, ndiye pamatuluka mawu aja a mitengo.

Inu amene muli mu bodi ya bungwe, m'komiti ya mpingo kapena ya kopaletivi, lipoti likadzabwera ndi mawu oti mafuta anakwera mtengo, dzafunseni kuti anagula malita angati, ndipo bajeti inati angati.