Chifukwa chake mapasiwedi amasungidwa mopera, osati motsekera

Kampani ikhoza kusunga mapasiwedi a makasitomala ake m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kuwatsekera ndi kiyi wachinsinsi, ndipo wokhala ndi kiyiyo angathe kuwatsekula onse. Vuto lagona pomwepo: kiyi amayenera kukhala pafupi ndi makina otsimikizira anthu olowa, choncho wakuba akathyola makinawo kawirikawiri amatenganso kiyi.

Njira yachiwiri ndi kupera pasiwedi ndi masamu osabwerera m'mbuyo, ngati chimanga kuchigayo: ufa subwereranso kukhala chimanga. Munthu akamalowa, zomwe walemba zimaperedwanso, kenako makina amayerekeza zotsatira ziwirizo. Pasiwedi yeniyeniyo sisungidwa paliponse.

Asanayipere, amayisakaniza ndi zilembo zongosankha mwachisawawa, zosiyana kwa munthu aliyense, zomwe akatswiri amazitcha mchere. Mcherewo si chinsinsi ayi, umasungidwa pambali pa zotsatira. Ntchito yake ndi yakuti anthu awiri a pasiwedi yofanana akhale ndi zotsatira zosiyana, ndipo wakuba azilimbana ndi akaunti iliyonse payokha.

Mu 2013 mbava zinaba zambiri za makasitomala a kampani ya Adobe, yomwe inkatsekera mapasiwedi onse ndi kiyi mmodzi. Mapasiwedi ofanana ankaoneka mofanana, ndipo mawu okumbutsira eni ake anali osabisika. Ngakhale popanda kiyi, anthu anazindikira kuti ambirimbiri ankagwiritsa ntchito `123456`.

Komabe pasiwedi yofooka yopera ikhoza kudziwika poyesayesa. N'chifukwa chake njira monga `bcrypt` ndi `Argon2` zinapangidwa dala kuti zizichedwa, kuti kuyesa mamiliyoni a mapasiwedi kuzidya nthawi yaitali.