Wapampando wa Achinyamata Akaima Pamaso pa Agogo

Pa mwambo wolemekeza okalamba, wapampando wa kalabu ya achinyamata sapatsidwa nthawi yaitali. Amaitanidwa pemphero litatha, magule atayamba kale, mlendo wolemekezeka asanalankhule, ndipo woyendetsa mwambo amamunong'oneza kuti afupikitse. Ali ndi mphindi zisanu, zikachuluka zisanu ndi ziwiri. Ine ndimaona kuti pa onse olankhula tsikulo, iyeyu ndiye ali ndi mawu olemera kwambiri, chifukwa akuimira anthu amene agogowo amakumana nawo tsiku ndi tsiku pa mjigo, pa chigayo ndi m'njira ya kumunda.

Miyambo yambiri yotere imachitika pa 1 Okutobala kapena masiku oyandikana nalo. Bungwe la United Nations linakhazikitsa tsikuli mu 1990 kuti likhale lokumbukira okalamba, ndipo linayamba kukumbukiridwa mu 1991. Kuno kwathu boma limawerengera munthu ngati wokalamba akakwanitsa zaka 60. Pali ndondomeko ya dziko yoona za okalamba ya 2016, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba. Wachinyamata wolankhula azidziwe zimenezi, koma asazilakatule zonse. Nduna kapena woimira bwanamkubwa adzazinena ndithu. Ntchito yake ndi ina.

Choyamba ndi malonje, ndipo apa ambiri amapunthwa asanayambe n'komwe. Ulemu uli ndi ndandanda yake: mlendo wolemekezeka, Gogo Chalo ngati alipo, magulupu, anyakwawa, akhansala, a ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, abusa ndi mashehe. Kudumpha mfumu ya mudzi umene mwambo ukuchitikira ndi mlandu umene udzakambidwe kwa mwezi wathunthu, ndipo zonse zimene wachinyamatayo ananena zidzaiwalika. Njira yake ndi yosavuta: apite kwa woyendetsa mwambo m'mawa, alembe amene afikadi, osati amene anaitanidwa. Koma pali cholakwika china chimene sichidzudzulidwa kawirikawiri. Olankhula amatha mphindi ziwiri akutchula maudindo, kenaka eni tsikulo n'kuwaponyera kumapeto ndi mawu akuti "ndi ena nonse". Agogo ayenera kutchulidwa paokha, wolankhula atatembenukira kumene akhala: "Agogo athu aakazi, agogo athu aamuna, lero tabwera chifukwa cha inu." Pamaso pawo tinene kuti agogo kapena achikulire. Mawu oti nkhalamba ambiri amawamva ngati chipongwe, makamaka akatuluka m'kamwa mwa mwana.

Kutembenukako kuli ndi chifukwa china. Ambiri mwa agogo samva bwino, ndipo kawirikawiri amakhazikidwa pamphasa m'mbali, chimkuzamawu chitaloza ku tenti ya alendo. Wolankhula mothamanga, ataweramira papepala, akusakaniza Chingerezi kuti abwana amuone kuti anaphunzira, walankhula kwa anthu olakwika. Alankhule chilankhulo cha m'deralo, kaya ndi Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chisena kapena Chilhomwe, ndipo apume pakati pa ziganizo. Ngati agogo akuyang'ana pansi kapena akufunsana kuti "akuti bwanji?", uthenga sukufika.

Miyambi nayo imafuna kusamala. Palibe mwambo wa okalamba umene umatha osamva kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, kapena kuti mawu a akuluakulu akoma akagonera. Ndi miyambi yabwino, koma agogo aimva kwa zaka zambiri, nthawi zina kuchokera kwa anthu omwewo amene sawapatsa moni. Umodzi ndi wokwanira, ndipo utsatidwe ndi chinthu chenicheni cha m'mudzimo. M'malo monena kuti okalamba ndi nkhokwe ya nzeru, wapampando anene zimene aliyense pabwalopo akuzidziwa: kuti anyamata ndi atsikana angapo a m'kalabumo analeredwa ndi agogo makolo awo atamwalira m'zaka zimene Edzi inasesa midzi, kuti agogo amenewa anagwira maganyu atakalamba kale kuti zidzukulu zipeze yunifolomu ndi makope. Zimenezi zikanenedwa, bwalo limakhala chete, chifukwa ndi zoona ndipo eni ake ali pomwepo.

Tsopano tifike pa chimake cha nkhani, chimene olankhula ambiri amachizemba. M'midzi yathu okalamba amanamiziridwa ufiti, amamenyedwa, amawotcheredwa nyumba, ena amaphedwa. Mu Januwale 2016 m'dera la Mfumu Dambe ku Neno, okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Bungwe la MANEPO, lomwe limagwirizanitsa mabungwe a okalamba m'dziko muno, lakhala likudandaula za nkhanza zotere chaka ndi chaka. Ndipo tisabise: manja amene amanyamula miyala ndi zibonga nthawi zambiri ndi a achinyamata, ena mwa iwo zidzukulu zenizeni. N'chifukwa chake nkhaniyi ikanenedwa ndi wapolisi imamveka ngati chiopsezo, ikanenedwa ndi mbusa imamveka ngati ulaliki, koma ikanenedwa ndi wachinyamata pamaso pa anzake imakhala kuvomera mlandu wa msinkhu wake ndi kulonjeza kuti zithe.

Ainene bwanji osayatsa moto? Asatchule banja lililonse kapena maliro aliwonse a m'mudzimo. Asatsutsane ndi anthu pa funso loti ufiti ulipo kapena ayi, chifukwa mkangano umenewo sungathe m'mphindi zisanu, ndipo theka la bwalo lidzasiya kumumvera. Aime pa zinthu ziwiri zolimba. Choyamba ndi lamulo: lamulo la za ufiti la 1911, lomwe likugwirabe ntchito, limati kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo kumenya kapena kupha munthu ndi mlandu waukulu kuposa pamenepo, kaya womenyedwayo akuganiziridwa zotani. Chachiwiri ndi matenda. Ukalamba umabweretsa kwa ena matenda a mu ubongo oiwalitsa zinthu. Munthu amaiwala mayina a ana ake, amadzuka usiku n'kuyamba ulendo osadziwa kumene akupita, m'mawa n'kupezeka pakhomo pa eni, mwina atavula. Akafunsidwa mwaukali amasokonezeka, amavomera chilichonse. Anthu amati mfiti yagwa, pamene ndi wodwala amene wasochera. Wachinyamata akafotokoza zimenezi m'mawu osavuta, wapatsa anzake chochita china tsiku limene adzapeze gogo wotero: kumufunditsa nsalu, kumuperekeza kwawo, kudziwitsa mfumu, ndipo ngati anthu ayamba kusonkhana ndi mkwiyo, kuitana a chitetezo cha m'mudzi ndi apolisi mwamsanga.

Gawo lotsatira ndi lonjezo, ndipo ndi pamene timadziwira ngati kalabuyo ndi yeniyeni. "Tidzasamalira agogo athu" si lonjezo, chifukwa palibe amene angadzabwere kudzafunsa kuti lakwaniritsidwa liti. Tiyerekeze kalabu ya anthu 20 m'mudzi umene muli makomo 8 a agogo okhala okha. Mwezi ndi Okutobala, mvula yoyamba ikuyembekezeka mu Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala. Wapampando angathe kunena chonchi:

"Agogo, ife tilibe ndalama, koma tili ndi mphamvu. Tayendera makomo asanu ndi atatu, ndipo tapeza kuti anayi madenga ake akudontha, awiri zimbudzi zinagwa. Tagawana m'magulu anayi a anthu asanuasanu, gulu lililonse makomo awiri. Loweruka lililonse mwezi uno tifolera nyumba imodzi, kuti mvula ikamagwa zonse zinayi zikhale zitatha. Zimbudzi tikumba mu Novembala. Madzi ndi nkhuni, gulu lililonse lizifika kawiri pa sabata. A mfumu, tikupempha mutilondolere kumene tingapeze udzu ndi nsungwi, ndipo tikalephera mudzatiitane pabwalo lomweli."

Mawu amenewa satenga ngakhale mphindi imodzi, koma kuti anenedwe pamafunika ntchito ya masabata angapo. Kalabu iyenera kuyendera makomowo isanalembe chilichonse, ndi kufunsa eni ake chimene akufuna. Gogo wina denga lake lili bwino, vuto lake ndi loti alibe womuperekeza ku chipatala kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Udzunso uli ndi nyengo yake. Umamwetedwa m'miyezi yozizira, ndipo pofika Okutobala tchire lambiri lapsa, wotsala ndi wogula. Kalabu imene sinasunge mitolo mu Juni ndi Julayi isalonjeze madenga anayi ngati ilibe pogwira. Ilonjeze awiri, kapena inene poyera kuti ikufuna thandizo la udzu ndi mapepala a pulasitiki ofolerera. Abale a agogowo nawonso adziwitsidwe, chifukwa kufika ndi gulu pakhomo osauza mwana wa mwini nyumba kumaoneka ngati kumuyalutsa, ndipo mkwiyo wake umagwera gogo yemweyo achinyamata akachoka.

Pali malonjezo ena amene wapampando sayenera kuwayandikira. Mtukula Pakhomo, umene unayambira ku Mchinji mu 2006, umafikira mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, ndipo ambiri mwa mabanja amenewa mitu yake ndi okalamba. Koma kalabu ya achinyamata si imene imasankha olandira. Kunena pabwalo kuti "tikulembetsani" ndi kudzala udani, chifukwa mayina akadzatuluka ena mulibe, agogowo adzati ana aja anadya ndalama zathu. Chimene angachite ndi kupempha, molunjika kwa woimira ofesi ya chisamaliro cha anthu amene ali pomwepo, kuti adzabwere kudzafotokoza mmene kusankha kumayendera. Angalonjezenso kuperekeza agogo amene ziphaso zawo za unzika zinatayika kuti akakonzetse, popeza popanda chiphaso zinthu zambiri za boma sizitheka. Pempho likhale limodzi kapena awiri. Mndandanda wautali wa madandaulo, wosakanizamo mipira ndi mayunifolomu a timu ya kalabu, umasandutsa tsiku la agogo kukhala tsiku lopemphetsa la achinyamata.

Ndale nazo zikhale kutali. Pa miyambo yotere pamabwera aphungu ndi ofuna mipando atanyamula mabulangete, shuga ndi sopo. Kuthokoza mphatso n'koyenera, koma kutamanda chipani kumagawa agogo amene anabwera ngati anthu a mudzi umodzi.

Pomaliza wapampando athokoze mwachidule, awombe m'manja mwaulemu kwa mafumu ndi kwa agogo, akhale pansi nthawi yake isanathe. Pepala limene anawerenga lisatayidwe. Mlembi wa kalabu alisunge m'buku la misonkhano, lina lipite kwa a mfumu, kuti wapampando wa chaka chamawa, kaya ndi yemweyo kaya ndi wina, adzayambe ndi kunena kuti mwa madenga anayi aja anafoleredwa angati, ndipo otsalawo analephereka chifukwa chiyani.