Kubweza detabesi pa mphindi imene zinthu zinali zisanalakwike

Tiyerekeze bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama, lomwe zonse zokhudza mamembala ake zili mu detabesi ya PostgreSQL. Lachitatu pa 13 Malichi 2024, nthawi ili 14:37, wogwira ntchito yemwe amafuna kufufuta mzere umodzi wolakwika walemba lamulo ili:

```
DELETE FROM malipiro;
```

Wayiwala mbali ya `WHERE`, imene imauza kompyuta mzere woti ifufute. M'kanthawi kochepa malipiro onse a mamembala apita. Kompyuta sinawonongeke, magetsi sanathime, wakuba sanalowe. Makina angochita zomwe auzidwa.

Bungweli lili ndi bakapu, koma inatengedwa Lamlungu usiku. Likabwezeretsa yokhayo, ndalama zonse zomwe anthu abweza kuyambira Lolemba mpaka Lachitatu masana zisowa m'mabuku. Kompyuta yachiwiri yomwe imakopera chilichonse cha yoyamba nayonso siingathandize, chifukwa inakopera kufufutako nthawi yomweyo. Chofunika ndi njira yobwezera detabesi monga inalili pa 14:36, ndipo njirayo ilipo. Mu PostgreSQL inayamba kupezeka mu 2005, pomwe anatulutsa mtundu wa 8.0.

Kulemba kaye, kusintha pambuyo

Detabesi ikamagwira ntchito, siithamangira kulemba kusintha kulikonse m'mafayilo ake akuluakulu a pa disiki. Kutero kungachedwetse zinthu. Imasintha kaye timasamba ta deta tomwe tili mu memore, tamakilobayiti 8 kalikonse, n'kudzatilemba pa disiki nthawi ina. Vuto lake n'lakuti magetsi akathima, zonse za mu memore zimafufutika.

Pofuna kupewa zimenezi, pali lamulo limodzi lomwe detabesi siiphwanya: isanalembe tsamba losinthidwa pa disiki, imayamba yalemba mu kaundula wapadera kuti chasintha n'chiyani komanso pati. Kaundulayu dzina lake ndi WAL. Amangowonjezeredwa kumapeto, mzere pambuyo pa mzere, ndipo n'chifukwa chake kulembamo sikuchedwa. Wolandira ndalama akauzidwa ndi kompyuta kuti malipiro alowa, ndiye kuti mbiri yake yakhazikika kale mu WAL, ngakhale kuti tsamba lenileni lingakhale lisanafike pa disiki. Magetsi akabwera, detabesi imawerenga kaundulayo n'kubwereza zonse zomwe zinali zisanalembedwe.

Zili ngati wagolosale amene anawerenga katundu yense Lamlungu, kenaka n'kumalemba m'kope chilichonse cholowa ndi chotuluka pamodzi ndi nthawi yake. Mukamufunsa kuti pa shelefu panali shuga wochuluka bwanji Lachitatu masana, sasowa chonena. Amayamba ndi chiwerengero cha Lamlungu, n'kutsata kope mpaka pa ola lomwe mwatchula, n'kulekera pomwepo. Kubweza detabesi kumayendanso chimodzimodzi: pamafunika poyambira, komanso kaundula wosaduka kuchokera poyambirapo.

Zinthu ziwiri zoyenera kusunga

Poyambira pake ndi bakapu yathunthu ya mafayilo a detabesi, yomwe imatengedwa ndi pulogalamu ya `pg_basebackup` ntchito ili mkati, osatseka seva. Apa ambiri amasokonezeka. Fayilo yotuluka mu `pg_dump` ndi bakapu ndithu, koma siingakhale poyambira, chifukwa imasunga matebulo ndi zomwe zili m'kati mwake, osati timasamba teniteni tomwe WAL amatchula. Kaundula sangalumikizike nayo.

Chachiwiri ndi kaundula yemweyo. PostgreSQL imamusunga mu foda ya `pg_wal`, m'mafayilo amamegabayiti 16 iliyonse, okhala ndi mayina otsatizana monga `000000010000000000000042`. Ikaona kuti fayilo yakale siikufunikanso, imaifufuta kapena kuigwiritsanso ntchito. Choncho munthu ayenera kuiuza kuti fayilo iliyonse ikadzaza izikopedwa kaye kupita kwina:

```
wal_level = replica
archive_mode = on
archive_command = 'test ! -f /nkhokwe/wal/%f && cp %p /nkhokwe/wal/%f'
archive_timeout = 60
```

Mzere wachitatu ukunena kuti fayilo ikopedwe pokhapokha ngati kulibe ina ya dzina lomwelo, kuopa kufufuta yabwino. Malo omwe tawatcha `/nkhokwe/wal` asakhale pa disiki yomwe pali detabesi. Akhale pa kompyuta ina, makamaka m'nyumba ina, kuti moto kapena mbala zisatenge zonse pamodzi.

Mzere womaliza ndi wofunika kwa mabungwe ang'onoang'ono. Ofesi yomwe ilibe ntchito yambiri ikhoza kutha maola angapo fayilo imodzi isanadzaze, ndipo disiki ikafa nthawi imeneyo, zonse za mu fayilo yosadzazayo zapita. Kuika 60 kukutanthauza kuti pakangotha masekondi 60 pali chomwe chasintha, fayilo itsekedwe n'kutumizidwa ngakhale isanadzaze. Mtengo wake ndi malo: fayilo yotsekedwa msanga imakhalabe yamamegabayiti 16, moti ntchito itamachitika mphindi iliyonse usana ndi usiku, pa tsiku pangatuluke mafayilo 1,440, omwe ndi magigabayiti pafupifupi 23. Mwayi wake mafayilo osadzaza amachepa kwambiri akapanikizidwa.

Kubwerera pa 14:36

Tibwerere ku bungwe lija. Vuto ladziwika 15:10, mayi wina atafika kudzafunsa ngongole yake yotsala n'kupezeka kuti mabuku akuonetsa ngati sanabwezepo kalikonse. Woyang'anira makompyuta sakhudza seva yomwe ikugwira ntchito. Amatenga kompyuta ina, n'kuikapo bakapu ya Lamlungu, kenaka n'kulemba mizere iwiri mu fayilo ya `postgresql.conf`:

```
restore_command = 'cp /nkhokwe/wal/%f %p'
recovery_target_time = '2024-03-13 14:36:00+02'
```

Woyamba ukuuza detabesi komwe ikatenge mafayilo a kaundula, wachiwiri ukuiuza polekera. Ka `+02` kali kumapetoko kasamalidwe. Ndi nthawi ya kuno kwathu, yomwe ili patsogolo ndi maola 2 pa nthawi ya UTC imene maseva ambiri amayendera. Mukakaiwala pa seva yotero, 14:36 yake ndi 16:36 yathu, ndipo mudzabweza detabesi ili yofufutidwa kale.

Akatero amapanga fayilo yopanda kanthu yotchedwa `recovery.signal`, yomwe kuyambira mtundu wa 12 ndi chizindikiro choti detabesi idzuke ili pa ntchito yobwezeretsa. Ikayatsidwa, imayamba kuitanitsa mafayilo a WAL motsatana, n'kumabwereza zonse za Lolemba, za Lachiwiri, mpaka Lachitatu masana.

Nanga imadziwa bwanji kuti yafika? Ntchito iliyonse ikamalizidwa, kaya ndi malipiro a munthu kapena kufufuta kuja, mu kaundula mumalembedwa chizindikiro cha `COMMIT` chokhala ndi nthawi yake. Detabesi ikakumana ndi chizindikiro choyamba chomwe nthawi yake yadutsa 14:36, imaima osachilandira. Ntchito iliyonse yomwe inali itayambika koma isanamalizike pa nthawiyo imaonedwa ngati sinachitike. N'chifukwa chake simungapeze ndalama zitachoka kwa membala wina koma zisanafike kwa mnzake.

Ikaima siithamangira kutsegula. Imadikira, ndipo munthu akhoza kulowa n'kuwerenga kuti aone ngati tebulo la `malipiro` labwerera, komanso ngati malipiro omaliza ali a nthawi yoyenera. Akaona kuti walekera msanga, amatseka, n'kusunthira nthawiyo kutsogolo pang'ono, n'kuyatsanso. Akapitirira, kubwerera m'mbuyo kulibe, chifukwa kaundula amayenda cha kutsogolo kokha. Amayambiranso pa bakapu ya Lamlungu. Akakhutira amalemba `SELECT pg_wal_replay_resume();` ndipo detabesi imatseguka. Mafayilo ake atsopano a WAL amayamba ndi `00000002` m'malo mwa `00000001`, kuti mbiri yatsopano isafufute yakale.

Chifukwa chochitira zonsezi pa kompyuta ina n'chakuti njirayi imabweza detabesi yonse, osati tebulo limodzi. Pakati pa 14:37 ndi 15:10 anthu ena anali akulembetsa umembala ndi kutenga ngongole, ndipo zimenezo n'zoona. Kubweza seva yeniyeni kukanazifufuta. Choncho woyang'anirayo amangotulutsa tebulo la `malipiro` pa kompyuta yachiwiri n'kulibwezera pa yoyamba, mosamala kuti malipiro omwe alowa pambuyo pa 14:37 asasokonezeke.

Pomwe zimadukira

Mphamvu ya njirayi ili pa kusaduka kwa kaundula. Fayilo imodzi ya Lolemba ikasowa, kubwezeretsa kumathera pomwepo, ngakhale mafayilo onse a Lachiwiri ndi Lachitatu alipo. Kuyambira mtundu wa 13, detabesi imakana kutseguka ngati kaundula watha isanafike pa nthawi yomwe inauzidwa. Komanso simungabwerere ku nthawi ya m'mbuyo kuposa pomwe bakapu yanu yakale kwambiri inamalizikira. Amene amasunga mabakapu a milungu 4 akhoza kukonza cholakwa chodziwika patatha milungu 3, pomwe wosunga ya sabata imodzi sangathe. Kutenga bakapu yathunthu pafupipafupi kumafupikitsanso nthawi yodikira, popeza kubwereza kaundula wa masiku 3 n'kwachangu kuposa wa mwezi wathunthu.

Kukopera kukalephera, mwina chifukwa kosungirako kwadzaza kapena netiweki yaduka, PostgreSQL siifufuta mafayilo osatumizidwa. Amaunjikana mu `pg_wal` mpaka disiki kudzaza, ndipo detabesi imazima. Chizindikiro chimaoneka msanga kwa woyang'ana: mu `pg_stat_archiver`, nambala ya `failed_count` imakwera, pomwe `last_archived_time` imaima pa nthawi yakale.

Choopsa kwambiri ndi bakapu yomwe aliyense akuganiza kuti ilipo. Pa 31 Januwale 2017, injiniya wa kampani ya GitLab anafufuta mwangozi deta pafupifupi magigabayiti 300 pa seva yaikulu ya PostgreSQL, akuganiza kuti ali pa yachiwiri. Malinga ndi lipoti lomwe kampaniyo inatulutsa yokha, mabakapu a `pg_dump` anali akulephera mwakachetechete chifukwa pulogalamuyo inali ya mtundu wa 9.2 pomwe detabesi inali ya 9.6, ndipo mauthenga ochenjeza sankafika. Mafayilo a WAL sankasungidwa kwina. Chomwe chinawapulumutsa ndi kope lina lomwe linatengedwa maola pafupifupi 6 ngoziyo isanachitike, ndipo ntchito ya maola amenewo inatayika.

Ngati muli mu komiti ya bungwe, sukulu kapena chipatala chomwe chimadalira detabesi, musakhutire ndi yankho lakuti bakapu ilipo. Funsani woyang'anira makompyuta kuti zinthu zitalakwika lero, mungataye ntchito ya mphindi zingati, ndipo mungadikire maola angati kuti ofesi itsegukenso. Kenaka sankhani nokha tsiku ndi ola la sabata yatha, mumupemphe abweze detabesi pa nthawi imeneyo pa kompyuta ina, inu mukuona ndi kuwerengera nthawi. Muzichita zimenezi mwezi uliwonse.