Mfundo, umboni, kutambasula: kayankhidwe ka funso la ndakatulo pa mayeso

Aphunzitsi ochonga mayankho a ndakatulo a ophunzira a Fomu 4 amalidziwa bwino yankho ili. Wophunzira ndakatulo waiwerenga, waimva, mwinanso waiikonda. Koma pepala lonse wadzaza ndi kukambanso zomwe zili m'ndakatulomo, kuyambira ndime yoyamba mpaka yomaliza. Funso linali lakuti afotokoze momwe mlakatuli wasonyezera chinthu chakutichakuti, iye wafotokoza zomwe zachitika. Malikisi amatayikira pamenepa, ndipo zimandipweteka chifukwa ambiri otaya malikisiwa ndi ana olimbikira, amene sanauzidwe kamangidwe ka yankho.

Kamangidweko n'kosavuta kukumbukira. Ndime iliyonse ya m'thunthu la chimangirizo ikhale ndi zinthu zitatu zotsatana: mfundo yoyankha funso, umboni wochokera m'ndakatulo, ndi kutambasula momwe umboniwo ukutsimikizira mfundoyo. Tiyeni tizione pa mizere iyi, yomwe ndapeka kuti tigwiritse ntchito pano:

Phiri lathu lameta mpala,
Nkhwangwa zadya usiku ndi usana.
Mtsinje uja tinkasambira
Lero watsokomola mchenga.
Adzamwa kuti adzukulu?
Adzamwa kuti?

Funso likhale ili: "Fotokozani momwe mlakatuli wasonyezera kuipa kowononga chilengedwe." Musanalembe kanthu, dulani mzere kunsi kwa mawu akuti "momwe" ndi akuti "kuipa kowononga chilengedwe". Mawu oyambawo akufuna luso la mlakatuli, achiwiriwo akuika malire a nkhani. Chilichonse chosakhudza ziwirizi chisiyeni, ngakhale chikhale chokoma bwanji.

Mfundo ndi chiganizo chimodzi chimene munthu wina angathe kuchivomera kapena kuchitsutsa. Mukalemba kuti "Mlakatuli akukamba za phiri", simunanene mfundo, mwangoloza chala. Mukalemba kuti "M'ndakatuloyi muli umunthu", mwatchula chipangizo koma funso simunaliyankhe. Mfundo yeniyeni imamveka chonchi: "Mlakatuli akusonyeza kuti chilengedwe chowonongedwa chimavutika ngati munthu wodwala." Apa mwanena kanthu, ndipo mwadzipatsa ntchito yoti mutsimikize.

Umboni ukhale waufupi. Ophunzira ambiri amakopera mizere inayi kapena isanu poganiza kuti kuchuluka ndiko mphamvu, chikhalirecho wochonga sadziwa kuti mawu amene mwawaona ndi ati. Pa mfundo yathuyi, mawu awiri akukwana: "watsokomola mchenga". Aikeni m'mitengero ndipo muwalowetse m'chiganizo chanu. Ngati ndakatuloyo sinasindikizidwe pa pepala la mayeso ndipo mawu ake enieni akukuzembani, nenani ganizo lake m'mawu anu popanda mitengero. Kuika m'kamwa mwa mlakatuli mawu amene sanalembe n'kulakwa kumene mphunzitsi woidziwa ndakatulo amakuona msanga. N'chifukwa chake pokonzekera mayeso a MSCE kuli bwino kuloweza timawu tiwiri kapena titatu pa ndime iliyonse ya ndakatulo kusiyana n'kulimbana ndi kuloweza yonse.

Tsono gawo lachitatu ndilo lofuna mtima, ndipo liyenera kutalika kuposa awiri oyambawo ataphatikizidwa. Taonani wophunzira wina akulemba: "Mlakatuli akuti mtsinje 'watsokomola mchenga'. Izi zikusonyeza kuti mtsinje waphwa ndipo chilengedwe chawonongeka." Sananame, koma wangomasulira mzere. Akanatha kunena zomwezi mlakatuli akanalemba kuti mtsinje wauma basi. Funso loyenera kudzifunsa n'lakuti: bwanji mlakatuli wasankha kutsokomola osati mawu ena? Wophunzira wodzifunsa funsoli amalemba ndime yotere:

"Mlakatuli akusonyeza kuti chilengedwe chowonongedwa chimavutika ngati munthu wodwala. Pofotokoza za mtsinje, akuti lero 'watsokomola mchenga'. Wotsokomola ndi munthu amene m'chifuwa mwake simuli bwino, choncho popatsa mtsinje umunthu mlakatuli akutichititsa kuuona ngati wodwala wofunika kumumvera chisoni. Komanso chotuluka m'chifuwamo ndi mchenga, pomwe timayembekezera madzi. Mchengawo ndi dothi lokokoloka m'phiri lopanda mitengo, ndiye kuti matenda a mtsinje ayambira ku nkhwangwa za anthu. Mawu akuti 'tinkasambira' ndi 'lero' akuikanso kale pafupi ndi tsopano kuti tione kukula kwa zomwe zatayika."

Ndimeyi ili ndi chiganizo chimodzi cha mfundo, chimodzi cha umboni, zinayi zotambasula. Dzina la chipangizo, umunthu, lalowa mkati mwa kufotokoza ntchito yake, silinaime palokha ngati chikwangwani. Mukafuna kudziyesa nokha, phimbani umboni ndi chala n'kuwerenga kutambasula kwanu. Ngati simunatchulemo liwu lililonse la m'ndakatulo n'kulisanthula, kapena ngati zomwe mwalembazo zingakwanenso pa ndakatulo ina iliyonse ya chilengedwe, ndiye kuti simunatambasule.

Mzere woyamba uja ungabale ndime yachiwiri. Kumeta mpala n'kuchotsa tsitsi lonse, choncho phiri latsala lopanda mtengo ndi umodzi womwe. Wophunzira wodziwa mwambo wathu angapitirire n'kunena kuti kumeta kumachitikanso pambuyo pa maliro, ndiye phirilo likuoneka ngati namfedwa. Ganizo lotere limakweza yankho, koma likhale ndi pogwira. Pano likugwira chifukwa ndakatulo yonse ili ndi kamvekedwe kodandaula. Mukayamba kunena kuti phirilo ndi mfumu ya m'mudzi kapena kuti nkhwangwa ndi andale, pomwe palibe mawu olozera kumeneko, mwasiya kutambasula, mwayamba kupeka ndakatulo yanu.

Ndime yachitatu itenge mizere iwiri yomaliza: funso lachodziwadziwa lomwe labwerezedwa, kachiwiriko litafupika, ngati woyankhula akutha mawu ndi nkhawa. Samalani ndi liwu loti woyankhula. Amene akuti "lathu" ndi "tinkasambira" ndi woyankhula m'ndakatulo, yemwe akhoza kukhala gogo wa m'mudzimo. Mlakatuli ndi amene wamupatsa mawuwo. Kusakaniza awiriwa kumasokoneza yankho, makamaka pa ndakatulo imene woyankhula wake ndi mwana, nyama kapena munthu womwalira.

Mawu oyamba ndi omaliza a chimangirizo asakudyereni nthawi. Oyamba akhale ziganizo ziwiri kapena zitatu zotchula mutu wa ndakatulo, mlakatuli ndi yankho lanu mwachidule. Omaliza amange mfundo zanu pamodzi popanda umboni watsopano. Tiyerekeze kuti funsolo mwalipatsa mphindi 40: zisanu zoyamba lembani pambali mfundo zitatu kapena zinayi, iliyonse ndi umboni wake, mphindi 30 mulembe, zotsalazo muwerengenso. Mfundo imene yasowa umboni pa nthawi yokonzekerayi itayeni pomwepo. Ndipo sanjani ndime potsata mfundo, osati potsata mizere ya ndakatulo, chifukwa kutsata mizere ndiko kumakokera munthu ku kukambanso nkhani kuja.

Njirayi ili ndi malire ake. Funso lalifupi longofuna kuti mutchule chipangizo kapena woyankhula liyankheni mwachindunji, musalimangire ndime. Funso lofananitsa ndakatulo ziwiri limafuna maumboni awiri pansi pa mfundo imodzi, kutambasulako n'kuonetsa pomwe zikufanana ndi pomwe zikusiyana. Komanso ndime zonse zikayamba ndi "Mfundo yanga ndi yakuti" n'kupitiriza ndi "Umboni wake ndi wakuti", yankho limauma. Amene wazolowera akhoza kuyamba ndi umboni, kapena kubweretsa umboni wachiwiri pakati pa kutambasula monga tachitira ndi "tinkasambira" ndi "lero", bola zitatu zija zipezekemo ndipo chiganizo chomaliza cha ndime chikhale chikuyankhabe funso lomwe lili pa pepala.